Momwe #1E90FF amasandukira 30, 144 ndi 255

Munthu wopanga logo akamaliza ntchito, kawirikawiri amakupatsani mtundu wake ngati kachidutswa ka zilembo zisanu ndi chimodzi kokhala ndi chizindikiro cha # kutsogolo, monga #1E90FF. Imeneyi ndiyo khodi ya hekisi. Vuto limabwera pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito ikakhala kuti sikufuna khodi yotereyi, m'malo mwake yakutsegulirani timabokosi titatu tolembedwa R, G ndi B, ndipo kabokosi kalikonse kakufuna nambala yoyambira pa 0 mpaka 255. Ena zikatere amangoyerekeza ndi maso mpaka mtunduwo ufaneko. Palibe chifukwa chovutikira choncho, pakuti manambala atatuwo ali kale m'khodi muja, angolembedwa mwa mtundu wina.

Choyamba kuchigwira ndi ichi: khodi ya hekisi siyenera kuwerengedwa ngati nambala imodzi yaitali. Ndi manambala atatu oimikidwa moyandikana popanda mpata. Chotsani # uja, amene sanyamula nambala iliyonse, ndipo dulani zotsalazo ziwiriziwiri. Mupeza 1E, kenako 90, kenako FF. Ziwiri zoyamba ndi za kufiira, ndiye R, zapakati ndi za kubiriwira, ndiye G, zomaliza ndi za buluu, ndiye B. Kadontho kalikonse ka pa sikirini kamapangidwa ndi kuwala kwa mitundu itatu imeneyi, ndipo nambala iliyonse ikunena mphamvu ya kuwala kumodzi. Ikakhala 0 ndiye kuti kuwalako kwazimitsidwa, ikakhala 255 kwayatsidwa mpaka pamapeto.

Tsono 1E ingakhale bwanji nambala, pomwe muli chilembo?

Kumbukirani m'mene tinkaphunzirira kuwerenga ku pulayimale, tikumanga timitengo m'mitolo ya khumikhumi. Polemba 47 tinkatanthauza mitolo inayi ndi timitengo tisanu ndi tiwiri tapadera. Hekisi imayenda chimodzimodzi, kungoti mtolo wake umakhala wa timitengo 16. Ndiye timitengo tapadera tikhoza kufika mpaka 15 mtolo usanakwane, ndipo nambala iliyonse kuchokera pa 0 kukafika pa 15 iyenera kukhala ndi chizindikiro chake chimodzi chokha. Zizindikiro zathu zimathera pa 9, motero anabwereka zilembo zisanu ndi chimodzi. A ndi 10, B ndi 11, C ndi 12, D ndi 13, E ndi 14, F ndi 15. Kaya chilembo ndi chachikulu kaya chaching'ono palibe kusiyana, #1e90ff ndi #1E90FF ndi mtundu umodzi.

Lamulo lake ndi lalifupi. Pa zizindikiro ziwiri zilizonse, chakumanzere chichulukitseni ndi 16, kenako onjezanipo chakumanja.

Tiyambe ndi 1E. Chakumanzere ndi 1, ndipo 1 × 16 ndi 16. Chakumanja ndi E, amene ndi 14. Kuphatikiza 16 ndi 14 tikupeza 30. Kufiira ndi 30, kutanthauza kuti kulipo pang'ono chabe.

Zomaliza, FF, n'zosavuta: 15 × 16 ndi 240, kuonjezapo 15 ndi 255. Buluu wayatsidwa yense. Apa ndi pamene pamachokera 255 amene mumamuona paliponse. Iye ndiye nambala yaikulu koposa imene zizindikiro ziwiri za hekisi zingalembe, ndipo ndi nambala yaikulu koposa imene ingakwane mu baiti imodzi, kamalo kamene kompyuta imasungiramo nambala, pakuti baiti ili ndi mabiti 8, biti iliyonse ikukhala 0 kapena 1, ndipo ingasunge manambala 256 osiyanasiyana, kuwerengera ndi 0 yemwe. Chizindikiro chimodzi cha hekisi chimaimira mabiti anayi ndendende, ziwiri n'kukwana baiti. N'chifukwa chake akatswiri a makompyuta anaikonda hekisi. Mitundu itatu, uliwonse baiti yake, imapereka 256 × 256 × 256, yomwe ndi mitundu 16,777,216.

Ndasiya dala zapakati kuti ndizikambe pazokha, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Pa 1E ndi FF, chilembo chimakuchenjezani kuti muli m'dera la hekisi. Koma 90 amaoneka ngati nambala yathu ya masiku onse, ndipo dzanja limangothamangira kulemba 90 m'kabokosi ka G. Ayi. Ameneyunso ndi hekisi: 9 × 16 ndi 144, kuonjezapo 0 ndi 144 yemweyo. Mukalemba 90, pulogalamu sidandaula, chifukwa 90 ndi nambala yololedwa. Mtundu ukhalabe wabuluu, koma wozama kuposa umene munapatsidwa, ndipo mwina mudzazindikira pokhapokha mutaika ziwirizo pamodzi. M'khodi ya hekisi, 10 ndi 16, 20 ndi 32, 50 ndi 80, 99 ndi 153. Zizindikiro ziwiri zimafanana ndi manambala athu pokhapokha chakumanzere chikakhala 0 ndipo chakumanja sichinapitirire 9.

Choncho #1E90FF ndi 30, 144, 255. Mu CSS, chinenero chokongoletsera masamba a pa intaneti, mtundu umenewu uli ndi dzina lake, `dodgerblue`, ndipo mukhoza kuulembanso kuti `rgb(30, 144, 255)`. Njira zitatu zonsezi zikunena chinthu chimodzi.

Yesani ina kuti dzanja lizolowere: #D2691E. D ndi 13, ndipo 13 × 16 ndi 208, kuonjezapo 2 ndi 210. Kenako 69, wopanda chilembo ngati uja: 6 × 16 ndi 96, kuonjezapo 9 ndi 105. Ndipo 1E tamudziwa kale, ndi 30. Zatuluka 210, 105, 30, mtundu wa bulauni wopita ku olenji umene CSS imautcha `chocolate`.

Ine ndimalangiza kuti musanatenge cholembera, khodiyo muyambe mwaiwerenga ndi maso. Chizindikiro chakumanzere ndicho chili ndi mphamvu, chifukwa chikasuntha kamodzi nambala imasuntha ndi 16, pomwe chakumanja chonse sichingaonjeze zoposa 15. Ndiye pa #1E90FF yang'anani 1, 9 ndi F zokha. Kufiira kuli pansi, kubiriwira kwangopitirira pakati, buluu ali pamwamba. Mwadziwa kale kuti mukuyembekeza buluu wowala. Ngati masamu anu kapena pulogalamu yanu itulutsa chinthu chofiira, simufunika wina kuti akuuzeni kuti penapake palakwika. Mukadziwa kuti 4 kumanzere ndi 64, 8 ndi 128, C ndi 192, zina zonse mukhoza kuziyerekeza pakati pamenepo. Manambala atatu akafanana, monga #333333 kapena #CCCCCC, mtundu umakhala wotuwa, wakuda kapena woyererako malinga ndi kukula kwa nambalayo. Kufiira ndi kubiriwira zikakhala pamwamba koma buluu ali pa 0, monga #FFFF00, pamatuluka chikasu. Izi zimadabwitsa amene anazolowera kusakaniza penti, koma pano tikusakaniza kuwala, ndipo kuwala kukachuluka zinthu zimayera.

Nthawi zina khodi imabwera ndi zizindikiro zitatu zokha, monga #F80. Uku ndi kulemba mwachidule kumene CSS imalola. Chizindikiro chilichonse chimabwerezedwa kawiri, motero #F80 ndi #FF8800, kutanthauza 255, 136, 0. Anthu ena amaganiza kuti n'kungoonjezera 0 kumanja kwa chilichonse, n'kupeza F0, 80, 00. Zimenezo zimapereka 240, 128, 0, mtundu woyandikira koma wolakwika. Njira yachidule yotsimikizira kuti kubwereza ndiko koyenera ndi kuyang'ana #FFF, amene aliyense amadziwa kuti ndi woyera mbee. Mukaonjezera ziro mupeza 240, 240, 240, womwe ndi wotuwa pang'ono. Mukabwereza mupeza 255 katatu. Pa masamu, kubwereza chizindikiro n'chimodzimodzi kuchichulukitsa ndi 17, chifukwa mukuchitenga ka 16 kenako kamodzi. Ndiye #639 ndi 6 × 17, 3 × 17, 9 × 17, zomwe ndi 102, 51, 153. Ameneyu ndi pepo amene mu 2014 anapatsidwa dzina loti `rebeccapurple` mu CSS, pokumbukira mwana wamkazi wa Eric Meyer, katswiri wodziwika pa CSS. Mwanayo anamwalira chaka chimenecho ali ndi zaka 6.

Mitundu ikakhala iwiri kapena itatu, pepala ndi cholembera zakwana. Ikakhala makumi angapo, ambiri amathamangira ku Excel, ndipo n'zoyenera. Tinene kuti khodi ili m'kabokosi ka A1, yolembedwa pamodzi ndi # wake:

```
=HEX2DEC(MID(A1,2,2))
=HEX2DEC(MID(A1,4,2))
=HEX2DEC(MID(A1,6,2))
```

`MID` amadula zizindikiro ziwiri kuyambira pa malo amene mwamuuza, ndipo `HEX2DEC` amachita masamu a 16 aja. Tikuyambira pa 2 chifukwa malo oyamba atengedwa ndi #. Pa makompyuta ena Excel amafuna `;` m'malo mwa `,` pakati pa zigawo za fomula, malinga ndi dziko limene kompyutayo inatcheredwa.

Tsopano taonani chimene chimachitika mzere umodzi ukabwera wopanda #, wina atangolemba 1E90FF. Fomula idulabe kuyambira pa malo achiwiri. Itenga E9, kenako 0F, kenako F yekha. Zotsatira zake ndi 233, 15, 15, kufiira kwa magazi. Palibe uthenga wochenjeza, chifukwa zidutswa zonse zitatu ndi hekisi yabwinobwino, zangodulidwa pamalo olakwika. Apa ndi pamene kuwerenga ndi maso kuja kumakupulumutsani. Pofuna kupewa zimenezi, yambani mwatenga zizindikiro zisanu ndi chimodzi zakumapeto, kaya # alipo kaya palibe, n'kumadula pa 1, 3 ndi 5:

```
=HEX2DEC(MID(RIGHT(A1,6),1,2))
```

Komabe ndi bwino # azikhalapo, chifukwa Excel ali ndi khalidwe lina losautsa. Akaona chinthu chooneka ngati nambala, amachisandutsa nambala osafunsa. Mukalemba 001122 popanda #, iye amadya ziro zakutsogolo n'kusiya 1122. Choipa koposa ndi khodi ngati 123E45, yomwe ndi mtundu weniweni wa 18, 62, 69. Excel amamuona E ngati chizindikiro cha manambala aakulu a sayansi, ndipo amakulemberani 1.23E+47. Zikafika pamenepo khodi yatayika, muyenera kuilembanso. Mukaika # kutsogolo, kapena mukatchera timabokosito kukhala `Text` musanayambe kulemba, vutoli silibwera. Kutchera pambuyo sikubweza zimene zadyedwa kale.

Kwa olemba mapulogalamu, ganizo ndi lomwelo. Mu JavaScript:

```js
const h = "#1E90FF".replace("#", "");
const r = parseInt(h.slice(0, 2), 16);
const g = parseInt(h.slice(2, 4), 16);
const b = parseInt(h.slice(4, 6), 16);
```

Nambala 16 ili kumapetoyo ndiyo ikuuza `parseInt` kuti awerenge monga hekisi. Mukaiiwala, iye awerenga monga manambala athu, ndipo amaima pamene wakumana ndi chizindikiro chimene sakuchidziwa. Pa 1E atenga 1 n'kusiya E. Pa 90 abweza 90. Pa FF abweza `NaN`, kutanthauza kuti sanapeze nambala konse. `NaN` ameneyu ndi mnzanu, chifukwa amaonekera. Khodi ngati #336699, yopanda chilembo chilichonse, ikhoza kudutsa bwinobwino n'kutulutsa 33, 66, 99 m'malo mwa 51, 102, 153, inu osadziwa kanthu. Ndipo ngakhale 16 alipo, `parseInt` salimbana ndi zolakwika: mukamupatsa 1G, pomwe G kulibe mu hekisi, amangobweza 1. Python ndi wokhwima pang'ono pa zimenezi. `int("1E", 16)` amabweza 30, koma `int("1G", 16)` amaimitsa pulogalamu ndi `ValueError`. Ngati makhodi akuchokera kwa anthu amene akulemba ndi manja, onetsetsani kaye kutalika kwake ndi zizindikiro zake musanayambe kudula. Chilembo O cholembedwa m'malo mwa ziro chimapezeka kawirikawiri.

Pali njira yachiwiri imene mudzaiona m'mapulogalamu a anthu ena, ndipo ndi bwino kuimvetsa chifukwa imatsegula khomo la vuto lalikulu kuposa onsewa. Ndanena poyamba kuti khodi musaiwerenge ngati nambala imodzi, koma kompyuta nthawi zambiri imaisunga choncho. Buluu amakhala pa malo a 1, kubiriwira pa malo a 256, kufiira pa malo a 65,536. Motero 1E90FF yense ndi 30 × 65,536 kuphatikiza 144 × 256 kuphatikiza 255, zomwe ndi 2,003,199. Kuti mubwerere, gawani 2,003,199 ndi 65,536. Mupeza 30, yotsala 37,119. Gawani yotsalayo ndi 256, mupeza 144, yotsala 255. Atatu aja atulukanso. Olemba mapulogalamu amachita zomwezi posuntha mabiti:

```js
const n = 0x1E90FF;
const r = (n >> 16) & 255;
const g = (n >> 8) & 255;
const b = n & 255;
```

Kusunthira kumanja mabiti 16 n'chimodzimodzi kugawa ndi 65,536 n'kutaya yotsala, ndipo `& 255` amasunga baiti yakumapeto yokha.

Vuto lake n'lakuti si onse amene anagwirizana zoti kufiira kuzikhala kumanzere. Windows, m'kati mwake, imasunga mtundu kufiira kuli kumapeto, buluu ali kutsogolo, ndipo VBA, chinenero cholembera mamakuro a Excel ndi Word, chimatsata zomwezo. Mukalemba `RGB(30, 144, 255)` mu VBA mupeza 16,748,574, ndipo mukaisandutsa hekisi ndi `Hex` ituluka FF901E. Munthu amene atenge FF901E ameneyu n'kumuika pa webusaiti ngati khodi ya mtundu apeza 255, 144, 30, yemwe ndi olenji. OpenCV, chida chotchuka chogwirira ntchito pa zithunzi, nachonso chimawerenga zithunzi buluu ali patsogolo. Chizindikiro cha matendawa n'chodziwikiratu: zabuluu zimasanduka zaolenji kapena zofiira, nkhope za anthu zimaoneka zabuluu, koma zobiriwira, zoyera, zakuda ndi zotuwa sizisintha. Zobiriwira zili pakati, ndiye kusinthanako sikuzikhudza. Mukaona zotero musakayikire masamu anu a 16, ali bwino. Sinthanitsani woyamba ndi womaliza.

N'chifukwa chake kuyesa fomula kapena pulogalamu ndi #FFFFFF, #000000 kapena #808080 n'kungodzinamiza. Mitundu imeneyo imatuluka bwino ngakhale mutasokoneza dongosolo lonse, pakuti manambala ake atatu ndi ofanana. Yesani ndi khodi imene zigawo zake zitatu n'zosiyana kwambiri, ndipo chimodzi mwa izo chikhale chopanda chilembo. Yesaninso ina yoyamba ndi ziro, monga #00A651, imene iyenera kutulutsa 0, 166, 81.

Khodi ya zizindikiro zisanu ndi zitatu ili ndi msampha wofanana. Ziwiri zoonjezerazo zimatchedwa alufa, ndipo zimanena ngati mtunduwo ukuphimba zimene zili kumbuyo kwake kapena ukuzionetsa. FF ndi kuphimba kwathunthu, 00 ndi kusaoneka konse, 80 ndi pafupifupi theka. Masamu ake ndi omwe aja. Chovuta ndi malo ake. CSS imaika alufa kumapeto, pomwe Android imamuika kutsogolo. Tengani #80FF0000. Pa Android, 80 ndi alufa, ndipo zotsalazo ndi 255, 0, 0: kufiira koonetsa za kumbuyo mwatheka. Khodi yomweyo mu CSS ikuwerengedwa 128, 255, 0, alufa 00. Ndi mtundu wobiriwira wopita ku chikasu umene sukuoneka n'komwe, ndipo munthu akhoza kutha ola akufunafuna batani limene "lasowa" pa tsamba. Mwa khodi yokha simungadziwe dongosolo limene wolembayo anatsata. Muyenera kudziwa kumene yachokera.

Mapulogalamu ena safuna 0 mpaka 255, amafuna nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Pamenepo gawani ndi 255, osati 256, kuti FF akwane 1 ndendende. Buluu wathu uja akhala pafupifupi 0.118, 0.565, 1. Ndipo 80, amene ndi 128, amapereka 0.502, chifukwa pakati penipeni pa 0 ndi 255 ndi 127.5, nambala imene baiti singasunge.

Pali malire amodzi a zimene manambala atatuwa angakuuzeni. Pa intaneti makhodi a hekisi amawerengedwa motsata muyezo wotchedwa sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anaupanga mu 1996. Mu muyezo umenewu nambala siyenda mofanana ndi kuchuluka kwa kuwala. Mungaganize kuti 128 ndi theka la kuwala kwa 255, koma sikirini imatulutsa pafupifupi 22 peresenti chabe. Anachita dala zimenezi chifukwa diso la munthu limaona kusiyana kwa mitundu yakuda msanga kuposa kwa yowala, ndiye manambala ambiri anawapereka kumbali yakudayo. Ngati mukungosamutsa mtundu kuchoka pa khodi kupita m'timabokosi ta R, G ndi B, izi sizikukhudzani. Zimayamba kukukhudzani mukafuna kuwerengera ngati zilembo zikuoneka bwino pamwamba pa mtundu wina, kapena mukafuna kupeza mtundu wapakati pa iwiri. Kuphatikiza 255, 0, 0 ndi 0, 255, 0 n'kugawa pawiri kumapereka 128, 128, 0, mtundu woderako kuposa umene kuwala kuwiriko kukanapanga kutasakanikirana.

Komanso manambalawa ndi a kuwala kwa pa sikirini. Mukapita nawo kosindikiza, makina amagwiritsa ntchito inki, kawirikawiri ya mitundu inayi imene pa kompyuta imalembedwa CMYK, ndipo kuchoka pa 30, 144, 255 kupita ku inki kulibe fomula imodzi yotsimikizika ngati ya 16 ija, chifukwa kumadalira makinawo, inkiyo ndi pepala. Buluu wowala chonchi nthawi zambiri amatuluka wozimirirako papepala ngakhale manambala onse atalembedwa molondola. Ngati ndi ntchito yaikulu monga mabanala kapena makalendala, pemphani kuti akusindikizireni kaye kope limodzi muone.